Mzere wa batire ya sola yomwe ikugulitsidwa ku Kapata

aTembo: Anzanga a ntchito za sola, ndithandizeni nzeru. Kasitomala wina anasiya batire ya jelo pa shopu yanga ku Kapata kuti ndimugulitsire, ndipo mnyamata amene amandithandiza analemba pa gulu la malonda kuti: "Batire ya sola 100Ah, ili ngati yatsopano, K900." Mayi wina wa ku Katete atafunsa kuti yagwira ntchito zaka zingati, mwini wake anandiuza kuti zaka 2, motero ndakonza mzerewo kuti ukhale: "Batire ya sola 12V 100Ah, yagwira ntchito zaka 2, ili bwino, K900." Kodi ndikhoza kuusiya chomwechi?

aZulu: Mwachita bwino kuchotsa mawu akuti "ngati yatsopano", aTembo. Ichajeni idzaze, muipime ndi mita, ndipo ikasonyeza 12.7V mulembe nambalayo, chifukwa nambala siinama.

Amai Mwale: AZulu, nambalayo ndi yofunika, koma payokha sikwanira. Mita imangotiuza kuti batire yadzaza, siitiuza kukula kwa chimene chadzazacho. Ndowa ndi kapu zonse zimadzaza mpaka pakamwa. Batire yotopa imathanso kusonyeza 12.7V ikangochoka pa chaja, koma mukalumikiza wailesi yakanema imagwa msanga. Kumene 12.7V imathandiza ndi pozindikira selo yakufa, pakuti batire yotere ikapuma imatsikira cha ku 10.5V. Chondidetsa nkhawa mu mzere wanu, aTembo, ndi mawu akuti "100Ah" ndi "ili bwino" atakhala moyandikana, chifukwa wogula adzamva kuti mphamvu yonse yolembedwa pa chikwama cha batire ikadalipo.

aTembo: Nanga ndiipime motani, amai, popeza ndilibe makina opimira mphamvu yotsala?

Amai Mwale: Babu la kutsogolo kwa galimoto la 55W ndi lokwanira. Ichajeni batireyo mpaka idzaze, muichotse pa chaja, igone usiku wonse, ndipo m'mawa mulembe zimene mita yasonyeza. Kenaka lumikizani babulo, lomwe limakoka pafupifupi ma ampu 4.6. Pakatha maola 2 alionse lichotseni, mudikire ola limodzi, ndiye mupime. Musapime babu likuyaka, chifukwa nambala imaoneka yotsika kuposa mmene batire ilili. Ikafika pa 12.2V ili chopuma, ndiye kuti yatha pafupifupi theka, ndipo muimire pomwepo kuti musaipweteke. Batire ya 100Ah yathanzi imayatsa babu limeneli maola 10 kapena 11 isanafike pamenepo.

aJere: Ine ndinagula ya galimoto ku Saturday Market, ndinaithira madzi a batire ndipo inadzuka. Ithireni madzi, aTembo, mukwezenso mtengo.

Amai Mwale: Ya jelo ndi yomata, aJere, siithiridwa madzi, ndipo wogula akaona kuti inatsegulidwapo sadzaikhulupiriranso.

aTembo: Ndachita monga munanenera. Dzulo m'mawa inasonyeza 12.7V. Patatha maola 2 inali pa 12.4V, ndipo patatha maola 4 inali pa 12.2V. Chikwama chake sichinatupe, ndipo mitu yake ilibe dzimbiri.

Amai Mwale: Ndiye kuti m'maola 4 yatulutsa pafupifupi 18Ah, ndipo ngati limenelo ndi theka, yatsala ndi mphamvu yosafika 40Ah. Kupima kumeneku n'kongoyerekeza, komabe kusiyana kwa 40 ndi 100 n'kwakukulu kwambiri moti sitingati mita yalakwitsa. Batireyo si yotaya ayi, ikhoza kuyatsa mababu ang'onoang'ono ndi kuchaja mafoni magetsi a ZESCO akathima, koma munthu woigulira firiji adzabwera nayo pa shopu panu ali wokwiya. Ine ndingalembe motere: "Batire ya sola ya jelo, 12V, yolembedwa 100Ah, yagwira zaka 2, poyesa yayatsa babu la 55W maola 4 n'kufika pa 12.2V, yoyenera mababu ndi mafoni, Kapata, bwerani mudzaiyese."

aZulu: Ndavomereza za babu, koma mzerewo watalika, ndipo mayi wa ku Katete sangadziwe kuti 12.2V ndi chiyani. Bwanji osangolemba kuti "yatsala ndi mphamvu pafupifupi 40Ah"?

Amai Mwale: Maola 4 ndi chimene aTembo anaona ndi maso, ndipo wogula angathe kubwereza yekha, pamene 40Ah ndi masamu athu. Ndi chifukwa chake ndikonda kulemba maola.

aTembo: Ndalemba maola, ndachotsa 12.2V, ndipo kumayambiriro ndaika mawu akuti "Zakonzedwa" kuti amene anaona mzere woyamba adziwe kuti wasintha. Mayi wa ku Katete ndamutumiziranso uthenga payekha. Chatsala ndi mtengo, chifukwa mwini wake akukana kutsika pa K900, akuti anaigula modula.

aZulu: Muitaneni adzaone yekha babu likuyaka ndi mita ili pambali, ndiye mukambirane.