PS4 ikutseka magemu ndi CE-34878-0, kasitomala akuti ndi netiweki

Wamawaya: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi PS4 Slim pano. Gemu ikuyamba bwinobwino, koma pakapita mphindi zochepa ikuzitseka yokha n'kulemba CE-34878-0. Mwini wake wakakamira kuti vuto ndi netiweki chifukwa zimachitika akamasewera ndi anzake pa intaneti. Ndiyambire pati?

Sikuludalaiva: Imeneyo ndi sofutiwe basi aise. Izimitse, ugwire batani loyatsira mpaka ilire kachiwiri, ulowe mu Safe Mode. Lumikiza kontirola ndi chingwe, usankhe Rebuild Database. Ineyo zimanditheka choncho.

Achikulire: Mphwanga Sikuludalaiva sakunama, koma wafulumira. CE-34878-0 imangonena kuti gemu yagwa, siinena chimene chaigwetsa. Mafayilo owonongeka amaibweretsa, hadi disiki yotopa imaibweretsa, kutentha nakonso. Za netiweki ndikukayika, chifukwa kulumikizana kukavuta makhodi ake nthawi zambiri amayamba ndi NW, NP kapena WS, ndipo gemu imangokutulutsani pa intaneti, osati kutsekeka yonse. Musanakonze chilichonse pitani ku Settings > System > Error History mutiuze zonse zimene zalembedwamo, osati yomalizayo yokha. Komanso, ikugwa gemu imodzi kapena angapo?

Wamawaya: Ndayang'ana akulu. CE-34878-0 yadzaza, pamagemu atatu osiyana. Pakati pake pali CE-30005-8 kangapo, ndi NW-31250-1 kamodzi, ya mwezi watha. Test Internet Connection yadutsa zonse, IP Address, intaneti, mpaka kulowa mu PlayStation Network.

Achikulire: Eya, tsopano tayamba kuona. NW imodzi ya mwezi wathayo ndi ya DNS, isiyeni, mwina rauta inangotsokomola tsiku limenelo. Imene yandikopa ndi CE-30005-8, chifukwa imatuluka makina akalephera kuwerenga, kaya pa hadi disiki kaya pa chimbale cha Blu-ray. Ndiye tisiyanitse ziwirizi. Zimitsani intaneti pamakinawo, chotsani chimbale, museweretse gemu imene inachita kutsitsidwa. Ikagwabe, netiweki yatuluka pamlandu, dalaivi ya zimbale nayo yatuluka. Gemu imodzi yokha ikanakhala kuti ndiyo ikugwa, ndikanati muifufute muiikenso. Koma magemu atatu sawonongekera limodzi popanda chifukwa.

Mlongo wa Mabodi: Pepani ndilowerere. Yanga ikulemba SU-42118-6 ikamalowetsa sofutiwe yatsopano, ikuyambiranso kosalekeza. Ndi DNS yomweyo kodi? Ndasintha kale kuika 8.8.8.8 koma palibe.

Achikulire: Ayi achemwali, yanuyo ndi nkhani ina. SU ikuoneka ngati ya sofutiwe, koma imeneyo kawirikawiri imabwera bodi ikalephera kulankhula ndi dalaivi ya Blu-ray. Ngati makinawo anatsegulidwapo, onani tizingwe tathyathyathya topita ku dalaiviyo, mwina kena kang'ambika kapena sikanalowe bwino. Yambitsani funso lanu padera tikathandizane kumeneko.

Wamawaya: Ndayesa popanda intaneti, popanda chimbale. Yagwabe, pamalo pamene gemu imatsegula gawo latsopano. Ndayesanso Rebuild Database ija, yachedwa kwambiri kumaliza, ndipo ndikatchera khutu ndikumva kakuti tiki tiki mkati.

Sikuludalaiva: Ndiye ingopanga Initialize PS4, zonse ziyambirenso.

Achikulire: Musayerekeze musanakopere masevu a mwini wake pa fulashi, Initialize imafufuta zonse. Ndiponso pa disiki yodwala imangobisa vuto, pakapita masiku kasitomala abweranso atakwiya. Zulani disikiyo, ndi ya SATA ya mainchesi 2.5 ngati ya laputopu. Ilumikizeni pa kompyuta, ikakufunsani zoifomata mukane, muwerenge SMART yake. Yang'anani Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Yachiwiriyo ikapanda kukhala 0, pali malo amene disiki ikulephera kuwerenga.

Wamawaya: Pending ili pa 56. Ndasintha disiki. Koma fayilo yoikira sisitemu ya pa fulashi ikukana.

Achikulire: Pa tsamba la PlayStation pali mafayilo awiri a dzina limodzi. Disiki yatsopano imafuna wamkuluyo, woikiranso sisitemu yonse. Fulashi ikhale FAT32 kapena exFAT, mayina onse m'zilembo zazikulu:

```
PS4/UPDATE/PS4UPDATE.PUP
```

Mu Safe Mode musankhe Initialize PS4 (Reinstall System Software).

Wamawaya: Yalowa. Magemu awiri akuyenda bwino, CE-30005-8 sinabwerenso. Wachitatu wagwa kamodzi ndi CE-34878-0 yomweyo, fani ikulira kwambiri.

Sikuludalaiva: Ndinanena ine, sofutiwe. Gemuyo ikufuna apudeti.

Achikulire: Mwina, poti mwangoiika kumene. Koma faniyo sindikuikhulupirira. Ikani apudeti kaye, ikagwanso mutsegule muone fumbi pa hitisinki musanaibweze kwa mwini wake.