Ndithandizeni: chikalata chathu chopita kwa atolankhani chikumveka ngati kutsatsa malonda

Nachisale: Akuluakulu pagulu pano, makamaka amene munagwirapo ntchito m'nyumba zofalitsa nkhani, ndigawireniko nzeru. Ndimagwira ntchito kukampani yaing'ono yopanga mapampu amadzi oyendera dzuwa. Lachinayi sabata yamawa tikutulutsa pampu yatsopano, ndipo abwana andipatsa chikalata choti ndichikonze ndisanachitumize kwa atolankhani. Ndi masamba awiri ndi theka, ndipo chikuyamba motere:

"Ndife onyadira kulengeza za pampu yathu yamakono, yapamwamba zedi, yoyamba ya mtundu wake, imene isinthe miyoyo ya alimi onse. Musachedwe, gulani yanu lero!"

Ndime zitatu zotsatira ndi mbiri ya kampani. Chaka chatha tinatumiza china chonga chomwechi kwa atolankhani oposa 40. M'modzi yekha ndiye anayankha, nayenso anangotiuza kuti tilankhule ndi a ofesi yotsatsa malonda. Ndiyambire pati?

Mbewe: Mayi, ine ndinakhala zaka zambiri patebulo la akonzi, ndipo chikalata chotere sindinkachiwerenga kufika ndime yachiwiri. Tisanakhudze mawu, tandiyankhani kaye. Pampu yatsopanoyi ikutha kuchita chiyani chimene yakale sinkatha? Ndani anaiyesa, kwa nthawi yaitali bwanji? Musayang'ane chikalatacho poyankha, ingondiuzani mmene mungauzire mnzanu.

Nachisale: Yakale inkakoka madzi pachitsime chakuya mamita 18, iyi ikufika mamita 30. Dzuwa likawala bwino imatunga malita pafupifupi 12,000 patsiku. Tinaiyesa kwa alimi 60 kwa miyezi isanu ndi itatu. Zonsezi zilimo, koma zili pakati pa tsamba lachiwiri.

Mbewe: Eya, nkhani yanu ndi imeneyo, mwaikwirira nokha. Mkonzi malo akamuchepera amadula nkhani kuyambira kumunsi, n'chifukwa chake chofunika kwambiri chimakhala pamwamba, zina n'kumatsatira malinga ndi kulemera kwake. Ndime yoyamba inene ndani wachita chiyani, liti, kuti, m'mawu osapitirira 35. Ine ndikanalemba motere:

"Kampani ya Yakutiyakuti Lachinayi itulutsa pampu yoyendera dzuwa yokoka madzi pachitsime chakuya mamita 30, pomwe yake yakale inkalekezera pa mamita 18. Pampuyi yayesedwa kwa alimi 60 kwa miyezi isanu ndi itatu."

Inuyo muikepo deti lenileni ndi malo amwambowo. Taonani kuti "ife" ndi "yathu" zachoka. Mtolankhani sangasindikize "ndife onyadira" chifukwa iye sali nanu pakampanipo, ndiye mukalemba choncho mwamupatsa ntchito yotembenuza chiganizo chilichonse. Lembani ngati munthu wakunja amene akusimba za kampani yanu. "Gulani yanu lero" ichoke osabweranso. Kumene pampuyo ikupezeka mukhoza kunena m'chiganizo chimodzi chakumunsi.

Tsono "yoyamba ya mtundu wake" ndiye woopsa kuposa onse. Mtolankhani akalemba zimenezo, wina n'kubwera ndi umboni woti inalipo kale, wopepesa pagulu ndi iyeyo, osati inu. Ngati mulibe umboni womupatsa, fufutani.

Achimwene_Jo: Chemwali musavutike ndi atolankhani masiku ano. Ikani patsamba lanu la mchezo, mulipire pang'ono kuti chifike kwa anthu ambiri, basi. Ife timatero ndipo makasitomala amabwera.

Nachisale: Zimenezo timachita kale achimwene. Apa tikufuna kuti nkhaniyo ilembedwe ndi munthu amene sitinamulipire.

Nankhoma: Njira yanga ndi yachidule. Tengani cholembera chofiira, mukhwatche mawu onse okometsera: yamakono, yapamwamba, yodalirika, yamphamvu. Mukhwatchenso mawu a abwana, chifukwa mabwana onse amangonena kuti ndi okondwa.

Mbewe: A Nankhoma, theka loyambalo ndikugwirizana nanu, ngakhale kukhwatcha kokha kumasiya dzenje. Mawu okometsera aliwonse muwafunse kuti "zikuoneka ndi chiyani?" Yankho likapezeka, ndilo lilowe m'malo mwake. "Yamphamvu" isanduke mamita 30 aja. "Yodalirika" isanduke chiwerengero cha mapampu amene anagwira ntchito miyezi yonse ija osawonongeka. Amene alibe yankho ndiwo atayidwe.

Koma mawu a abwana musawataye. Mtolankhani amafuna liwu la munthu m'nkhani, ndipo akalipeza labwino sayeneranso kukusakani pafoni. Vuto ndi zimene mumawayankhulitsa. Manambala asakhale m'kamwa mwa abwana, mwanena kale pamwamba. Iwo anene chimene munthu yekha anganene: chifukwa chimene anapangira pampu yofika pansi chotere, kapena chimene anaphunzira pakuyesa kuja. Khalani nawo mphindi khumi, muwafunse, mulembe zimene atulutse pakamwa, kenako muwaonetse avomereze. Muike dzina lawo lonse ndi udindo wawo.

Nachisale: Apa ndiye pali kanthu. Pa mapampu 60 aja, 9 anatsekeka ndi mchenga m'miyezi iwiri yoyamba, tinachita kusintha sefa. Komanso kukachita mitambo madzi amatsika mpaka theka. Abwana safuna kuti zimenezi zitchulidwe n'komwe.

Mbewe: Ndikanakhala ine, za sefazo ndikanaziika, chifukwa ndi pokhapo pamene chikalata chanu chikumveka ngati cha anthu amene anayesadi chinthu. "Mapampu 9 atatsekeka ndi mchenga, kampaniyo inasintha sefa." Mawu a abwana akhoza kuchokera pomwepo. Za mitambozo, chochepetsetsa n'chakuti malita 12,000 aja asayende okha, alembedwe kuti "patsiku la dzuwa lowala bwino". Mukasiya mawu amenewo, nambalayo yasanduka bodza, ndipo mtolankhani akangolankhula ndi mlimi m'modzi azitulukira.

Gama: Pa za sefa ndikutsutsani pang'ono, bambo Mbewe. Ine ndinaikapo vuto lotere m'chikalata cha bungwe lathu pofuna kuoneka oona mtima, mawa lake mutu wankhani unali vutolo, zabwino zonse zili kumchira. Ntchito inatsala pang'ono kundithera. Kunama ayi, koma si zonse zoyenera kudziyambira wekha. Konzekerani yankho, akafunsa muyankhe zoona.

Mbewe: Zimachitikadi, sindikana. Kusiyana kwake n'kwakuti vuto la mayiwa linakonzedwa kale. Likanakhala lilipobe, ndikanawauza kuti ayambe adikira, asatumize chikalata chilichonse.

Nankhoma: Ndiwonjezere zing'onozing'ono zimene zimapha chikalata chabwino. Chikwane tsamba limodzi, mawu 300 mpaka 400. Mbiri ya kampani ija ifinyidwe ikhale ndime imodzi yaifupi kumapeto. Muchimate m'kati mwa imelo momwemo, osati PDF yokha, munthu athe kukopera mawu. Chithunzi chipite pachokha, chooneka bwino, chopanda chizindikiro cha kampani pamwamba, ndipo mulembe mayina a anthu amene ali pachithunzipo kuyambira kumanzere. Nambala yafoni ikhale ya munthu amene ayankhedi tsiku limenelo. Ndipo ngati mlimi wina mwa 60 aja angavomere kulankhula ndi atolankhani, nenani kuti alipo, koma muyambe mwamupempha.

Nachisale: Zikomo nonse. Ndachifinya, chatsala mawu 340, ndipo alimi awiri avomera. Abwana alola zoti "patsiku la dzuwa lowala bwino", koma za sefa akanitsitsa. Tsopano akuti dzina la kampani likhale mawu oyamba pamutu wankhani. Ine ndinalemba kuti "Pampu yatsopano yoyendera dzuwa ifika mamita 30". Ndilimbane nawo?

Gama: Mutuwo akonzi akasintha ndithu. Apatseni abwana dzina lawolo, mphamvu zanu musungire za sefa.

Mbewe: Akasinthadi, koma mutu womwewo ndi umene uoneke pa imelo isanatsegulidwe, ndipo dzina la kampani imene mtolankhani sakuidziwa silimukoka. Yambani ndi pampu ndi mamita 30, dzinalo libwere kumapeto kwa mzere. Kodi atolankhani 40 a chaka chatha aja, ndi angati amene amalemba za ulimi kapena za madzi?

Nachisale: Ndawerenga pamndandanda. Asanu ndi m'modzi.