Chigumu cha azakhali chalembedwa ngati nthano, ndichikonze bwanji kuti aliyense athe kutsatira?

Nachisale wa ku Chilomoni: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndithandizeni nzeru. Amayi a m'gulu lathu la banki m'khonde tagwirizana kuti tizigulitsa chigumu, ndipo tikufuna kuti cha aliyense chizikoma mofanana. Ndinapempha azakhali anga a ku Thekerani kuti andilembere mmene amapangira, ndiye anditumizira izi:

"Ine ndimatenga nthochi zija zayamba kuda makoko, zinayi kaya zisanu, n'kuzinyenya m'beseni. Ndiye ndimathira mgaiwa mbale imodzi, shuga pang'ono poti nthochi n'zotsekemera kale, kamchere, n'kusakaniza ndi chambiko. Agogo ako ankathira madzi okha koma chinkatuluka cholimba. Dzira likakhalapo umaswera momwemo. Soda ukhale kuti wasakaniza kale mu ufa, ukathira pamapeto amaundana n'kumawawa. Ukatero thira m'poto wopaka mafuta, ena pang'ono umakhala wathira m'beseni muja. Moto ukhale woyatsa kalekale, makala ambiri pa chivundikiro, pansi ochepa. Chikayamba kununkhira baya ndi mpeni, ukatuluka woyera chapsa. Usachotse chikadali chotentha, chimaphwanyika."

Ndikufuna papepala pakhale zofunika pamwamba, kapangidwe pansi ndi manambala. Ndiyambire pati?

Yamikani Ndix: Zophweka izo achemwali. Chiganizo chilichonse chipatseni nambala yake, 1, 2, 3 mpaka pansi. Zakudya zonse zatchulidwazo muzilembe pamwamba. Mwamaliza.

Mayi Mbewe: Achimwene Yamikani, mbali yotola zakudya mwalondola, koma ya manambalayo muwapweteka nayo amayiwa. Taonani pamene soda watchulidwa. Ali pa chiganizo chachisanu, chambiko chitathiridwa kale, chonsecho azakhaliwo akunena okha kuti soda amalowa mu ufa usananyowe. Munthu wotsatira manambala anuwo afika pa 5 zonse zili phala kale, ndiye athira soda pamapeto, chinthu chimene aletsedwa. Moto nawo watchulidwa kumapeto koma ndiwo woyamba kuyatsa.

Munthu akamafotokoza pakamwa amanena zinthu mmene zikumufikira m'mutu, osati mmene manja amazichitira. Ndiye inu a Nachisale werengani uthengawo kawiri, cholembera chili m'manja. Ulendo woyamba dulani mzere kunsi kwa chilichonse cholowa m'kamwa. Mupeza nthochi, mgaiwa, shuga, mchere, chambiko, dzira, soda ndi mafuta. Madzi aja musawatole, ndi a agogo, sali m'chigumu cha azakhali. Ulendo wachiwiri sakani mawu akuti "kale", "kalekale", "ukhale kuti", "umakhala wathira". Paliponse pamene pali mawu amenewa pabisala ntchito yofunika kuikweza m'mwamba. Mu uthengawu zilipo zitatu: soda mu ufa, mafuta m'beseni, ndi moto. Onjezani yachinayi imene sanainene ngati ntchito n'komwe, yopaka poto mafuta. Anangoti "m'poto wopaka mafuta" ngati kuti poto amadzipaka yekha.

Esnart wa ku Bangwe: Chigumu chabwino sichifuna dzira amayi inu. Ine ndimaika nthochi, mgaiwa ndi soda basi, anthu amalimbirana. Amene akufuna cha Loweruka andipeze ku inibokosi.

Nachisale wa ku Chilomoni: Zikomo asisi, koma sitikusaka chogula ayi, tikufuna kulemba cha azakhalichi. Mayi Mbewe, ndachita zija mwanenazi ndipo ndaziona zinayi zonse. Chandivuta ndi miyezo. "Mbale imodzi", "pang'ono", "kamchere", ndilembe choncho? Kapena ndingoyerekeza ndekha?

Mayi Mbewe: Musayerekeze mwanangu. Mukalemba nambala ya m'mutu, pepalalo lioneka laukhondo koma chigumu chake sichikhala cha azakhali. Siyani mipata, muwaimbire. Mbale ya kwa iwo si mbale ya kwa inu, ndiye apempheni adzaze mbale yawoyo ndi mgaiwa monga amachitira masiku onse, kenaka aukhuthulire m'kapu akuwerenga. Muwafunsenso ngati mbaleyo imadzaza mpaka kupanga kaphiri kapena amaisalaza.

Kapu nayo muidziwe kukula kwake. Imene mabuku a zophika amawerengera masiku ano ndi ya 250 ml. Ngati mulibe yoyezera, tengani botolo la madzi la 500 ml, kapu imene ikudzaza kawiri ndendende ndi botolo limenelo ndiyo yoyenera. Amayi onse a m'gulu mwanu aone kapu imeneyo ndi maso. Sipuni ya tiyi ndi 5 ml, yaikulu ndi 15 ml, zonse zosalaza.

Pa "pang'ono" onse aja, wa shuga sandidetsa nkhawa, akachuluka kapena kuchepa chigumu chidyekabe. Woopsa ndi wa soda. Akachuluka chigumu chimada mkati, chimanunkha ngati sopo ndipo chimawawa pakhosi. Akachepa sichifufuma. Za sodayo muwafunse bwinobwino kuti amatapa ndi sipuni iti. Nthochi nazo mufunse mtundu, zinayi za sukari si zinayi za kabuthu.

Che Jafali Bekala: Ine ndagwira ntchito ya buledi zaka zambiri ku Limbe kuno, ndikuuzeni zoona, makapu ndi bodza. Kapu ya ufa wotsendera ndi kapu ya ufa wongothira zimasiyana kulemera ngakhale kapuyo ili imodzi. Ngati ndi bizinesi gulani sikelo, zonse mulembe magalamu. Phindu mudzaliwerengera bwanji osadziwa kuti thumba la ufa likutulutsa zigumu zingati?

Mayi Mbewe: Simukunama Che Jafali, makamaka pa keke ya ufa wa tirigu. Koma amayi khumi sikelo imodzi, aliyense akuphikira kwake? Chigumu chimapirira kusiyana pang'ono. Angolemba kuti "osatsendera, osalaza ndi mpeni" pafupi ndi mgaiwawo.

Che Jafali Bekala: Ayeze kamodzi pa sikelo ya pagolosale, alembe zonse ziwiri. Ine pamenepo sindisuntha.

Nachisale wa ku Chilomoni: Ndawaimbira azakhali madzulo ano, aseka kwambiri kuti chigumu chafika polembedwa ngati mayeso. Mbale yawo yatuluka makapu 2. Nthochi akuti za kabuthu. Ndalemba chonchi, ndikonzeni:

Zofunika
- Mgaiwa, makapu 2 osalaza
- Soda, sipuni ya tiyi 1
- Mchere, theka la sipuni ya tiyi
- Shuga, masipuni aakulu 3
- Nthochi za kabuthu 4, zakupsa kwambiri
- Dzira 1, ngati lilipo
- Chambiko, kapu 1
- Mafuta, masipuni aakulu 3

Kapangidwe
1. Yatsani makala pa mbaula.
2. Pakani mafuta m'poto.
3. Sakanizani mgaiwa, soda, mchere ndi shuga m'mbale youma.
4. Nyenyani nthochi m'beseni, swerani dzira, thirani chambiko ndi mafuta.
5. Thirani ufa uja m'beseni, sakanizani.
6. Thirani m'poto, vundikirani, ikani pamoto.
7. Phikani mpaka chipse.
8. Chotsani m'poto.

Mayi Mbewe: Mwayenda mtunda wautali. Zofunika mwazindandalika motsata mmene zikulowera, ndi mmene zimafunikira, munthu amangotsika ndi chala. Tsopano chitani chimene ndinkawachititsa ana anga a sukulu: tengani chinthu chilichonse cha pamwamba muchisake pansi, kenaka chilichonse cha pansi muchisake pamwamba. Mukatero mugwidwa ndi mafuta. Pamwamba alipo kamodzi, pansi akulowa kawiri, pa 2 ndi pa 4. Mayi wina adzakhuthulira masipuni onse 3 m'poto, pofika pa 4 n'kutapanso ena 3. Lembani kuti "masipuni aakulu 3: 1 wopaka m'poto, 2 a m'beseni", ndipo pa 2 ndi pa 4 mubwerezenso nambalayo.

Chachiwiri, pofupikitsa mwataya nzeru za azakhali. Pa 6 mwasiya zoti makala ambiri apite pa chivundikiro, pansi patsale ochepa. Popanda mawu amenewo chigumu chipserera pansi, pakati pali phala. Pa 7 "mpaka chipse" sakuuza munthu kanthu, bwezerani mpeni uja: "Chikayamba kununkhira bayani pakati ndi mpeni, ukatuluka wopanda phala chapsa." Mphindi muziika mukaphika nokha mukuyang'ana wotchi, ndipo muzilembe ngati chongoyerekeza, poti moto wa makala sufanana. Pa 8 yambani ndi chenjezo, "Dikirani chizizire", kenaka "chotsani". Chenjezo likabwera pambuyo munthu amaliwerenga atagubuduza kale poto.

Pa 5 onjezani kuti akangosakaniza asachedwe. Soda amayamba kugwira ntchito akangokumana ndi chambiko chowawasa chija, ndiye phalalo likakhala kudikira moto mphamvu imathera m'beseni. N'chifukwa chake azakhali anati moto ukhale woyatsa kalekale.

Tiyamike M.: Nanga poto ndi wamkulu bwanji? Ine zinandionekera ndi chikondamoyo cha apongozi anga. Ndinatsatira zonse bwinobwino koma poto wanga anali wotakata, chinatuluka chopyapyala ngati chitumbuwa chopondedwa. Lembaninso ziwiya.

Yamikani Ndix: Ziwiya pa zofunika? Ndiye alembenso machesi ndi mbaula?

Tiyamike M.: Machesi ayi achimwene, koma poto inde, chifukwa amasintha kapsedwe. Anene kukula kwake ndi kuti chivundikiro chikhale chachitsulo chopanda chogwirira cha pulasitiki, pakuikidwa makala pamenepo.

Gogo Nasimango: Ine zanu za manambalazi sindikutsutsa, koma mawu a agogo ndi madzi aja musawataye. Tsiku lina chambiko chidzasowa, munthu adziwe kuti ndi madzi chimatheka koma chimalimba. Aikeni pansi penipeni paokha.

Mayi Mbewe: Zoona Gogo, pansi pa manambala pakhale kamutu kakuti "Dziwani izi". Pamenepo ndi pokhala madzi a agogo, ndiponso zoti chambiko chikasowa mutha kufinyira sipuni yaikulu ya mandimu m'kapu ya mkaka n'kudikira mphindi 10. Koma zimenezi zisalowe m'kati mwa manambala, zimasokoneza munthu amene manja ali mu ufa.

Nachisale wa ku Chilomoni: Ndakonza zonsezo. Poto ndayeza ndi rula ya mwana, ndi wa 20 cm kukamwa. Latsala dzira. Ena m'gulu akuti tilichotse poti likweza mtengo, ena akuti popanda dzira chimanyenyeka podula. Ngati tilisiya kuti "ngati lilipo", zigumu zathu sizifanananso, chonsecho n'chimene tinayambira nkhaniyi.

Che Jafali Bekala: Pa bizinesi palibe "ngati lilipo". Sankhani chimodzi.

Mayi Mbewe: Phikani ziwiri Loweruka, china cha dzira china chopanda, mudule muone. Ndipo pepalalo mumupatse mayi amene sanaphikepo chigumu, inu mukhale pambali osayankhula. Paliponse pamene aime n'kukufunsani, ikani chizindikiro, pamenepo pakusowa mawu.

Esnart wa ku Bangwe: Chopanda dzira chipambana, mudzandiuza. Koma shuga masipuni 3 achepa kwa makasitomala a m'tauni muno.