Masheya awa ndigule? Mantha anga ali pa tsiku lowagulitsa

Wongoyamba: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikufuna kugula masheya 10,000 a kampani ina yaing'ono. Ogulitsa aika masheya 12,000 pa mtengo wa 52, ndiye kugulako sikuvuta. Koma ndalamayi ndidzaifuna pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mwina isanakwane n'komwe. Apu ikusonyeza kuti pa avareji masheya 20,000 amagulidwa tsiku lililonse. Mbali ya ogula, pomwe palembedwa Bid, ili chonchi: 1,500 pa 50, 2,000 pa 48, 1,000 pa 45, 3,000 pa 40, ndi 2,500 pa 35. Kodi ndilowe?

Wachangu: Gulani achimwene, musachedwe. Pa tsiku pakuyenda 20,000, inu muli ndi 10,000 basi. Ndi theka la malonda a tsiku limodzi. Mukadzafuna kutuluka mudzatuluka m'mawa umodzi.

Mayi Wamagawo: Kampaniyo imapereka madividendi, gawo la phindu logawira eni masheya? Ine ndimayamba kuona zimenezo. Ngati ikupanga phindu chaka ndi chaka, palibe choopa.

Wongoyamba: Imapereka ndithu amayi, ndipo mabuku ake akuoneka abwino. Koma funso langa si ubwino wa kampani. Ndikufunsa ngati ndingadzapeze wondigula tsiku limene ndafuna ndalama.

Mkulu Wapamsika: Mwafunsa bwino, ndipo yankho lalikulu lili m'manambala omwe mwalembawo. Tiyerekeze kuti mwagula lero, ndiye mawa mwauza buloka, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, kuti agulitse onse pa mtengo uliwonse umene ulipo. Oda yanu iyamba ndi wogula wapamwamba. Atenga 1,500 pa 50, mulandira 75,000. Iyeyo wakhuta, ndiye mutsikira kwa wa 48, amene akupatsani 96,000 pa masheya 2,000. Wa 45 akupatsani 45,000. Pamenepo mwagulitsa 4,500 okha, simunafike ndi theka lomwe. Otsalawo apita kwa wa 40, amene alipira 120,000, ndi wa 35, amene alipira 87,500.

Zonse pamodzi ndi 423,500, pomwe inu munalowetsa 520,000. Mwataya 96,500, pafupifupi 19 pa 100 iliyonse, musanachotse za buloka. Kampani sinalakwe kanthu, nkhani yoipa sinatuluke, kungoti ogula ndi ochepa. Ndipo taonani, oda yanu yokhayo yasesa mbali yonse ya ogula, mtengo womaliza n'kufika pa 35.

Anthu ambiri amangoyang'ana mzere woyamba, 50 ndi 52, n'kunena kuti mpata ndi waung'ono. Mpata umenewo ndi wa munthu wogulitsa masheya 1,500 kapena ocheperapo. Inu wa 10,000 mtengo wanu weniweni ndi 42.35.

Wachangu: Koma akulu, buku la maoda a ogula ndi ogulitsalo ndi chithunzi cha mphindi imodzi. Ogula ena amabwera tsiku likamayenda. Akanakhala kulibe, 20,000 ija ikanachokera kuti?

Mkulu Wapamsika: Apo mwanena zoona, buku limadzazidwanso. Wogula wina saika oda yake poyera, amadikira aone wogulitsa. Pamisika ina amalolanso oda yaikulu kuonetsa kachigawo kochepa, kwina kubisika. Ndiye buku likhoza kuoneka lopyapyala kuposa mmene msika ulili. Koma 20,000 ija ndisanaikhulupirire, a Wongoyamba, tsegulani mbiri ya malonda mutiuze za tsiku ndi tsiku, osati avareji.

Wongoyamba: Ndaona. Avarejiyo ndi ya masiku 20 a malonda, onse pamodzi masheya 400,000. Koma tsiku limodzi lokha panagulidwa 330,000. Masiku enawo ndi timanambala ting'onoting'ono, ndipo masiku atatu sipanagulidwe ngakhale sheya imodzi.

Mkulu Wapamsika: Ndi zimene ndimaopa. Chotsani tsiku limenelo, patsala 70,000 pa masiku 19, pafupifupi 3,700 pa tsiku. Malonda aakulu a tsiku limodzi ngati amenewo nthawi zambiri amakhala a anthu awiri amene anagwirizana kale mtengo, n'kungodutsitsa pa msika. Inu simungadalire kuti wogula wotero adzapezekanso tsiku lanu.

Ndiye 10,000 yanu si theka la tsiku ayi, ikuyandikira malonda onse a masiku atatu. Komanso simungakhale nokha wogulitsa. Mwaona kale kuti pali 12,000 pa 52 amene akudikira. Ine ndikamawerengera ndimati ndingatenge gawo limodzi mwa magawo asanu a malonda a tsiku popanda kugwetsa mtengo kwambiri. Limenelo si lamulo, ndi chizolowezi changa chabe. Pa 3,700 ndiye masheya 740 pa tsiku, kutanthauza masiku 14 a malonda, pafupifupi milungu itatu, zinthu zili bata.

Wopsa Kale: Ine ndikuonjezereni za bukulo, chifukwa linandipweteka. Chaka chatha ndinagula ndalama ina ya kiripito pamsika waung'ono. Pansi pa mtengo panali oda yogula yaikulu zedi, ndinati apa pali khoma, sindingagwe. Tsiku limene mtengo unayamba kutsika ndinatsegula apu, khoma lija kulibe. Mwini wake anangofafaniza odayo. Ndinagulitsa pa theka la mtengo umene ndinagulira. Ndipo nambala ya Volume, yosonyeza kuchuluka kwa malonda, inali yaikulu tsiku lililonse. Pambuyo pake ndinazindikira kuti malonda ambiri anali a kuchuluka kofanana ndendende, akubwerezedwa masekondi angapo aliwonse usana ndi usiku, mtengo osasuntha. Ndikukhulupirira kuti wina amadzigulitsa yekha.

Mkulu Wapamsika: Pepani nazo, zimenezo zimawawa. Pamsika wa masheya woyang'aniridwa ndi malamulo, kudzigulitsa wekha kapena kuika oda yonamizira ndi mlandu, choncho sizichuluka ngati kumeneko. Koma kufafaniza oda ndi ufulu wa aliyense, ndipo ogula amathawa nthawi imodzimodzi imene ogulitsa achuluka. N'chifukwa chake ndimati buku muliyang'ane kangapo pa tsiku kwa mlungu wathunthu. Onani ngati oda ya 3,000 pa 40 ija ikukhalabe mtengo ukamaiyandikira, kapena ikubwerera m'mbuyo. Mukapeza tsiku limene mtengo unatsika, onaninso kuti anagula ndi angati.

Mayi Wamagawo: Ine ndiye sindikuona vuto lalikulu. Ndili ndi masheya otere zaka zisanu ndi zitatu, sindinaganizepo zowagulitsa. Kusowa kwa ogula kumathandizanso, chifukwa wina akapanikizika ndimatola motchipa. A Wongoyamba, bwanji osaika oda yanu yogula pa 49 m'malo mothamangira 52?

Wongoyamba: Pa 49 ndikhala kumbuyo kwa wa 50 uja, mwina ndidikira masiku. Koma ndamva mfundo yanu. Kusiyana kwathu n'kwakuti inu simukuifuna ndalamayo, ine ndidzaifuna.

Wachangu: Ine ndikuonabe kuti mukuopa mopitirira. Miyezi isanu ndi umodzi ndi yambiri. Mudzayambe kugulitsa mwezi umodzi nthawi isanakwane, pang'onopang'ono, muziika malire a mtengo. Milungu itatu ija ikukwanira.

Mkulu Wapamsika: Ikukwanira ngati tsikulo akulidziwa. A Wongoyamba anati mwina miyeziyo isanakwane n'komwe, ndipo mawu amenewo ndi amene andigwira. Oda yoika malire imateteza mtengo, koma siikulonjezani kuti mugulitsa. Ndikanakhala ine ndikanagula 3,500, amene ogula awiri apamwambawo angawatenge lero lomwe pa 50 ndi 48. Pamenepo kutuluka mwadzidzidzi kungakudyereni 11,000 pa 182,000, pafupifupi 6 pa 100.

Wopsa Kale: Ngakhale 3,500 ine sindingalowe ndi ndalama yofunika msanga. Ogula awiriwo ndi anthu awiri basi, mawa akhoza kuchokapo onse.

Wongoyamba: Zikomo nonse. Sindigula mlungu uno. Ndizijambula bukulo m'mawa, masana ndi potseka mpaka Lachisanu, ndiye ndidzaika pano tione ngati wa 50 ndi wa 48 akadalipo. Akulu, pomwe ndikudikira, buloka angandiuze ngati 330,000 ija inali malonda amodzi kapena ambiri?