Kapamfuleti ka mapulipozishoni ka K6,000, ndigule kapena ndi kutaya ndalama?

Make Tada: Anzanga ndithandizeni maganizo. Mwana wanga ali fomu 4 ndipo wandivuta kuti ndimugulire kapamfuleti kena kamene akugulitsa pa geti ya sukulu yawo, akuti muli mawu 500 achingerezi ndi pulipozishoni yake yake, monga depend on, afraid of, interested in, choncho mpaka kumapeto. K6,000. Akuti pa moko anataya mamalikisi ambiri pa timawu timeneti. Ine sukulu ndinasiya kalekale ndiye sindikudziwa ngati kali ndi ntchito

Wobwereza Fomu 4: Mayi gulani, ine ndili nako. Chaka chatha ndinalibe, chaka chino ndaloweza kale mpaka pa chilembo M

Achimwene a ku Joni: Zimenezo zosafuna buku, in ndi ya mwezi ndi chaka, on ndi ya tsiku, at ndi ya nthawi ya pa wotchi. Basi mwamaliza, 6 pin yo mugulire relishi

Wobwereza Fomu 4: Achimwene si zimenezo kkkk, izo ndi za nthawi. Apa tikunena zija zimamatirira ku mneni kapena mfotokozi, zopanda lamulo, monga good at masamu, bwanji osati good in? Palibe angakuuzeni chifukwa, umangoyenera kudziwa

Madamu a Chingerezi: Make Tada, musanatulutse ndalama mufunse mwanayo atsegule pa mawu oti agree ajambule atitumizire. Ngati palembedwa agree with yokha basi, kasiyeni. Timabuku tambiri totere timapereka mawu amodzi mperekezi mmodzi, pomwe funso la mayeso limakonda mawu amene amatenga awiri kapena atatu kutengera chimene chikubwera kutsogolo. Agree with munthu kapena maganizo ake, agree to pempho kapena dongosolo limene wina wabwera nalo ndipo iwe ukulivomera, agree on nkhani imene anthu awiri akambirana mpaka amvana, monga mtengo wa mbuzi. Mwana woloweza agree with yokha akaona agree amangothamangira with osawerenga n'komwe mbali yotsalayo.

Make Tada: Wajambula kwa mnzake, palembedwa agree with ndi agree to koma palibe ziganizo, angondandalika

Wobwereza Fomu 4: Eya mulibe ziganizo koma ndi bwino choncho chimalowezeka msanga. Komanso pali njira ina yachidule, paliponse pamene pa Chichewa pali "chifukwa cha" ndimaika for, sizimalephera. Blame for, punish for, thank for

Madamu a Chingerezi: Pa atatu amenewo yagwiradi. Ndiye tayesa ili ndi njira yakoyo: The clerk was charged ___ stealing the money. A of, B with, C for, D on

Wobwereza Fomu 4: C

Madamu a Chingerezi: Yankho ndi B mwana wanga. Charge ikakhala ya kukhoti, yoimba munthu mlandu, imatenga with. Charge for ilipo ndithu koma ndi ya kulipiritsa, they charged me for the repairs, ndipo aiika pa C dala podziwa kuti khutu lako linaimvapo. A aiika chifukwa cha accuse, paja timati accused of stealing, ndiye mwana amene analoweza accuse of mutu umamuuza kuti mlandu ndi mlandu basi. Taona tsono, nkhani imodzi yomweyo ya kuba, accused of, charged with, blamed for, convicted of. Mu kapamfuleti ka afabeti accuse ali tsamba loyamba, blame kwina, charge kwina, sudzawaona ali pamodzi kuti uzindikire kuti amasiyana.

Bambo a Yami: Ine yanga inali pa intavyu osati mayeso, ndinalemba kalata kumapeto nkuti I look forward to hear from you, amene anandithandiza kukonza anangoseka nkuika hearing. Mpaka lero sindimvetsa, si paja pambuyo pa to sitiika ing?

Madamu a Chingerezi: To alipo awiri bambo. Wina ndi uja wa to go, to eat. Wina ndi mperekezi weniweni, ndipo mperekezi aliyense akatsatidwa ndi mneni, mneniyo amavala ing, monga fond of singing, good at drawing. Kuti mudziwe ndi to uti, yesani kuika dzina la chinthu pambuyo pake. I look forward to the holiday ikumveka, ndiye to ameneyo ndi mperekezi, mulembe hearing. I want to the holiday siikumveka, ndiye want to go. Object to ndi accustomed to zimayendanso ngati look forward to. Kuyesa kumeneku sikutenga ndi masekondi khumi omwe.

Achimwene a ku Joni: Koma madamu Chingerezi chimene timayankhula kuno ambiri amati married with, discuss about, ndipo palibe amakufunsa

Madamu a Chingerezi: Pa msewu palibe angakufunseni, wochonga pepa ndiye alibe chisoni. Ndipo zolakwa za ana athu sizichokera pa mawu 500 ayi, zambiri zimachokera ku Chichewa chathu chomwechi. "Ndi" wathu uja timamusandutsa with paliponse, anakwatiwa ndi nkukhala married with m'malo mwa married to, kusiyana ndi nkukhala different with m'malo mwa different from. "Za" timamusandutsa about, kukambirana za nkukhala discuss about pomwe discuss safuna kanthu, discuss the matter basi. Kulowa m'nyumba, enter the house, popanda into. Kubwereka ndiye kumatisokoneza zedi poti ife timangosintha pang'ono, iwo borrow from ndi lend to. Mwana atalemba mawu ngati 40 amene iyeyo amalakwitsa, lililonse m'chiganizo chake, aposa woloweza 500.

Bambo a Yami: Nanga different to? Ndimaimva pa wailesi ya BBC

Madamu a Chingerezi: Ku Britain amainenadi, aku Amereka amatinso different than. Pa mayeso from ikakhalapo sankhani from, palibe angaikane. Angry with ndi angry at pa munthu ndiye ngakhale ife aphunzitsi timakanganapo mu sitafu rumu, ine ndimauza ana with pa munthu, about pa chinthu.

Make Tada: Vuto lake iye akuti akafika pa funso lotere amakhalapo nthawi yaitali kubwereza bwereza mpaka zonse zinayi zimayamba kumveka bwino

Madamu a Chingerezi: Zimaterodi, ukabwereza kasanu khutu limafa. Muuzeni ayambe wayang'ana kumanja kwa mpatawo, pali munthu, chinthu, kapena ing? Kenako abwerere kumanzere apeze mawu eni ake, chifukwa nthawi zina amawaika patali, monga He congratulated the girl who came first in class ___ her success, mwana amaona class nkusokonezeka pomwe mwini mpata ndi congratulated, yankho on. Akatero achotse ziwiri zoonekeratu, awerenge zotsalazo kamodzi kamodzi mumtima, asankhe, aike kadontho pambali azipita. Funso limeneli malikisi ake ndi ofanana ndi funso losavuta limene likumudikira kutsogolo.

Wobwereza Fomu 4: Komabe madamu khutu limene mukunenalo ena tilibe, kwathu kulibe laibulale kulibe dikishonale, ine congratulate on ndinaidziwira momwemu. Mapepa akale a Maneb nawonso ndi ogula

Madamu a Chingerezi: Pamenepo sindikutsutsa. Ngati palibiretu china kagwiritse ntchito, koma uzilemba chiganizo chako pa mawu aliwonse. Pakhomo pamene pali dikishonale ya ophunzira ija imalemba sb kutanthauza munthu ndi sth kutanthauza chinthu pambali pa mawu, zonsezi zilimo kale ndi zitsanzo zomwe. Tandionera pa comprise mwalembedwa chani?

Wobwereza Fomu 4: Comprise of

Madamu a Chingerezi: Ufufute of ameneyo, wabedwa kwa consist of

Make Tada: Dikishonale ilipo ya malume ake koma inathothoka masamba kuyambira pa S. Ndimuuza abwereke ka mnzakeko kaye weekendi ino ndione ngati angakatsegule n'komwe