Za ndalama za paulendo zija: tabwezerana kale

Funso langa lija linali lakuti: "Tinayenda anthu asanu, aliyense ankalipirako apa ndi apo. Tibwezerane bwanji popanda kutumizirana ndalama kambirimbiri?"

Nkhaniyi yatha, ndipo tatumizirana katatu kokha. Tinasiya kufufuza kuti wakuti analipirira ndani, n'kungophatikiza zonse. Zinakwana 500, kutanthauza 100 munthu mmodzi, popeza zonse tinagwiritsa ntchito limodzi. A anatulutsa 160, B 150, C 50, D 60, E 80. Choncho A ayenera kulandira 60, B 50, pomwe C ali ndi ngongole ya 50, D 40, E 20. Zolandira ndi zopereka zizifanana, apa ndi 110 mbali zonse. Zikasiyana, mwaphonya pophatikiza.

Ambiri munandilangiza kuti wangongole yaikulu azipatsa wolandira zambiri. Njirayi ndi yabwino ndithu, chifukwa anthu asanu sangatumizirane kopitirira kanayi, koma siyopambana nthawi zonse. C akapatsa A 50, A amatsala ndi 10. D akapatsa B 40, nayenso B amatsala ndi 10. Zikatero E ayenera kugawa 20 yake pawiri, kwakwana kanayi.

Ife tinayamba tafufuza anthu amene ndalama zawo zikufanana ndendende. C anapatsa B 50, awiriwo n'kuchokamo. Kenako D anatumizira A 40, E n'kumutumiziranso 20. Kagulu kalikonse kamene kangathane kokhakokha chonchi kamachepetsako kutumiza kumodzi.