Zikomo, za gapu ya golide ija ndazimvetsa

"Ndinagula XAUUSD Lachisanu pa 2,350, Stop Loss ndinayika pa 2,342, koma Lolemba ndadzuka yatseka pa 2,331. Kodi buloka wandibera?"

Zikomo nonse amene munayankha funso langali lokhudza golide, yemwe pamsika amalembedwa kuti XAUUSD, makamaka achimwene aja munati ndione kandulo yoyamba ya Lolemba ndisanayambe kutukwana buloka. Ndinaona, ndipo msika unatsegukadi pa 2,331, mitengo yapakatiyo kunalibe ndi komwe ndiye sitopu inangogwira mtengo woyamba umene inaupeza. Loti yanga ya 0.05 ndi ma aunsi 5, ndimayembekeza kuluza madola 40 koma anapita 95.

Golide amatseka Lachisanu 5 koloko madzulo ku New York nkutsegula Lamulungu 6 koloko madzulo, pakatipo nkhani za nkhondo kaya zisankho sizidikira, maoda amangounjikana ndiye potsegula mtengo umadumpha, gapu ndi imeneyo. Komanso nthawi imeneyo London ili mtulo, ogula ndi ogulitsa ndi ochepa, sipuredi, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, imakula zedi.

Chomwe chinandipusitsa ine ndi wotchi. Kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, kuno ku Malawi kutsekako ndi 11 koloko usiku, kutsegula 12 koloko usiku kulowa Lolemba. Aku America akabweza mawotchi awo zonse zimasuntha ndi ola limodzi, ife sitisintha. Nthawi ya pa pulogalamu ya MT5 musaikhulupirire, ndi ya seva ya buloka.

Pano Lachisanu ndikumatseka zonse isanakwane 10 koloko usiku, masabata atatu tsopano, Lamulungu ndikugona bwino.